Rampu pamsika: mmene bungwe la anthu aulumali lingalembere khonsolo ku Mangochi

Aliyense wogulitsa pamsika wa khonsolo amadula tikiti tsiku lililonse. Wotolera ndalama safunsa ngati munthu wabwera woyenda yekha, wotsamira ndodo kapena wopalasa njinga ya anthu aulumali. Mtengo wa tikiti ndi umodzi. Koma shedi ikamangidwa pamwamba pa masitepe atatu, ndiponso pachipata pakadutsa ngalande yosavundikira, wina amakayala usipa wake pamthunzi pamene mnzake watsala panja, padzuwa, m'mphepete mwa msewu. Wogula amene sangakwere masitepewo amatuma mwana, ndipo amalandira nsomba imene wamusankhira wina.

Chimene chimathetsa vutoli ndi rampu, njira ya konkire yokwera pang'onopang'ono m'malo mwa masitepe. Malamulo a dziko lino amalola anthu aulumali kuitanitsa njira yotere kwa khonsolo, ndipo chida choyamba chochitira zimenezi ndi chikalata cha madandaulo. Zikalata zambiri zimathera m'kabati chifukwa zimapita ku ofesi yolakwika, zimadandaula mosatchula malo ndi miyeso, kapena zimafika ndalama zitagawidwa kale. Zitatu zonsezi nzopeweka.

Zimene malamulo amanena

Poyambira ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko, a chaka cha 1994. Gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo ulumali watchulidwa mwachindunji pakati pa zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwa nazo. Gawo 29 limapatsa munthu aliyense ufulu wochita ntchito yopezera ndalama paliponse m'Malawi. Msika ndi malo opezerapo ndalama, choncho mayi wogulitsa tomato amene walephera kufika pabenchi chifukwa cha masitepe waphwanyiridwa maufulu onse awiri.

Gawo 13 limatchula zimene boma liyenera kutsata popanga mfundo zake, ndipo chimodzi mwa izo ndi kuonetsetsa kuti anthu aulumali akutha kulowa ndi kugwiritsa ntchito malo a anthu onse. Apa pali poyenera kusamala. Gawo 14 limati mfundo za m'gawo 13 ndi zotsogolera boma, ngakhale makhothi amaloledwa kuziganizira pomasulira malamulo. Motero chikalata chisatsamire pa gawo 13 lokha. Liikeni pambali pa gawo 20, lomwe ndi ufulu woti munthu akhoza kukausumira kukhothi.

Lachiwiri ndi Lamulo la Anthu Aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 2012 ndi lina lakale la 1971. Lamuloli limateteza ufulu wofika pamalo ndi nyumba zotumikira anthu onse, ndipo linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA, kuti lizilondoloza ngati lamuloli likutsatidwa komanso kulandira madandaulo. Amene akukopera mawu a chikalata chakale aonetsetse kuti sakutchulanso lamulo la 2012, chifukwa wa ku ofesi akhoza kungoyankha kuti lamulo limenelo linathetsedwa, nkhani nkuthera pomwepo.

Pamwamba pa izi, dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la Mgwirizano wa Maiko Onse la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 9 ya panganoli imauza maboma kuti apeze ndi kuchotsa zotchinga m'nyumba, m'misewu ndi m'malo ena a anthu onse, m'tauni ndi kumudzi komwe. Mawu oti kuchotsa ngofunika, chifukwa khonsolo ingayankhe kuti msika unamangidwa kale lamulo lisanabwere. Udindowu sukhudza zomanga zatsopano zokha. Zakale nazo ziyenera kukonzedwa, ngakhale pang'onopang'ono.

Chiwerengero cha anthu okhudzidwa si chochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Onjezanipo okalamba, amayi oyembekezera ndi anyamata okankha wilibala yodzaza madengu a nsomba. Onsewa rampu imawathandiza, ndipo onsewa akhoza kusaina chikalata.

Msika ndi wa khonsolo iti

Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 linapereka kwa makhonsolo ntchito yomanga, kusamalira ndi kuyendetsa misika, komanso mphamvu yotolerapo ndalama. Ku Mangochi kuli makhonsolo awiri. Ina imayang'anira tauni, ndipo mkulu wa ogwira ntchito ake ndiye wolemberedwa kalata. Ina ndi ya boma lonse, yomwe ogwira ntchito ake amatsogoleredwa ndi bwanamkubwa, ndipo ndiyo imayang'anira misika ya kunja kwa tauni monga ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira. Njira yosavuta yodziwira mwini msika ndi kuyang'ana dzina lolembedwa pa tikiti imene ogulitsa amadula. Amene akutolera ndalama ndiye woyenera kumanga rampu.

M'kati mwa khonsolo muli magulu awiri a anthu, ndipo chikalata chimafuna onse awiri. Makhansala, pamodzi ndi aphungu a m'deralo, ndiwo amavota pa bajeti. Ogwira ntchito, monga mkulu wa zomangamanga ndi mkulu wa zachuma, ndiwo amajambula mapulani ndi kuwerengera mitengo. Nkhani ya rampu imayenera kudutsa ku komiti ya zomangamanga, kenako ku komiti ya zachuma, isanafike pa msonkhano wa khonsolo yonse. Choncho chikalata chipite kwa mkulu wa khonsolo, ndipo makope ake apite kwa khansala wa wodi imene msikawo uli, kwa wapampando wa komiti ya zomangamanga, ndi kwa meya kapena wapampando wa khonsolo.

Pali mpando wina umene ambiri saudziwa. Lamulo lomweli limati m'khonsolo mukhale anthu asanu oimira magulu apadera, osankhidwa ndi makhansala. Iwo savota, koma amalankhula pamisonkhano. Bungwe lifunse ngati pakati pa asanuwo pali woimira anthu aulumali. Ngati alipo, ndiye adzakumbutse za chikalatacho pamsonkhano. Ngati palibe, pempho loti asankhidwe lilembedwe m'kalata ina, kuti nkhani ya rampu isasokonezeke.

Yezani musanalembe

Mphamvu ya chikalata ili pa miyeso. Kulemba kuti msika wathu ndi wovuta kwa anthu aulumali kumabweretsa yankho loti tamva, tiziona. Kulemba kuti khonde la shedi ya nsomba lakwera masentimita 45 kuchoka pansi ndipo palibe polowera pena kumapatsa mkulu wa zomangamanga ntchito yoti achite.

Tiyerekeze msika wina wa m'mphepete mwa nyanja. Bungwe latuma anthu anayi: woyenda pa njinga yopalasa ndi manja, woyenda ndi ndodo ziwiri, wosaona, ndi wolemba amene wanyamula tepi yoyezera ndi foni yojambulira. Asanayambe akaonekera kwa mkulu wa msika ndi kwa komiti ya ogulitsa, kuti asaoneke ngati akazitape. Ayambira pamene munthu amatsikira minibasi kapena kabaza, nkumatsata njira imene wogula amadutsa mpaka kuchimbudzi. Apeza zotchinga zinayi: ngalande yosavundikira ya masentimita 40 pachipata, masitepe atatu a masentimita 15 iliyonse pashedi ya nsomba, mpata wa masentimita 70 okha pakati pa mabenchi a ndiwo zamasamba, ndi chitseko chopapatiza cha chimbudzi chokhala ndi sitepe imodzi. Chilichonse achijambula tepi ili poonekera.

Tsopano masamu a rampu. Muyezo umene akatswiri a zomangamanga m'maiko ambiri amatsata ndi woti rampu isakwere kuposa sentimita imodzi pa masentimita 12 alionse a kutalika kwake. Awa ndi malire. Yofewa bwino ndi yokwera sentimita imodzi pa masentimita 20. Mfundo zotere zimapezeka mu muyezo wa maiko onse wa ISO 21542, ndipo ndi bwino kuutchula m'chikalata. Khonde la masentimita 45 likufuna rampu ya masentimita 45 kuchulukitsa ka 12, omwe ndi masentimita 540, kapena kuti mamita 5.4. Pa muyezo wofewa uja ikhala ya mamita 9.

Kutalikaku sikunathere pomwepo. Munthu wopalasa ndi manja amatopa, ndipo pakati pa chitunda sangasiye mateyala kuti apume. Pamafunika malo afulati a mamita 1.5 pakati, ena otero pansi poyambira, ndi ena pamwamba poti atembenukire. Mamita 5.4 kuphatikiza malo afulati atatu akukwana mamita 9.9. Ngati kutsogolo kwa shedi kuli malo a mamita 4 okha ngalande isanayambe, rampu siingalunjike pakhomo. Iyenera kuyenda motsata khoma, kapena kupindika pakati nkubwerera. Bungwe likaona zimenezi lokha nkuzilemba, limatseka pakamwa yankho loti malo palibe.

M'lifupi mwake musachepere masentimita 120, ndipo popindika pakhale potakasuka, chifukwa njinga ya mateyala atatu, imene ambiri kuno amagwiritsa ntchito, ndi yaitali kuposa ya m'chipatala. M'mbali zonse ziwiri mukhale kakhoma ka masentimita 10 koletsa teyala kapena ndodo kugwera kumbali, ndi zitsulo zogwirira pa msinkhu wa masentimita 90, zina m'munsi mwake pa masentimita 70. Pamwamba pa konkire pasasalalitsidwe. Mmisiri adutsitsepo tsache mopingasa konkire isanaume, kuti pakhale pokhakhala. Pashedi ya nsomba zimenezi nzofunika kwambiri, chifukwa madzi owaza chambo ndi mamba zimachititsa pansi kuterera. Madziwo akhale ndi kolowera kwake, asamatsike pa rampu.

Rampu yolakwika imadziwika msanga. Mmisiri wosauzidwa muyezo amangothira konkire pamwamba pa masitepe, mamita 1.5 okha pa khonde la masentimita 45. Imeneyo ndi yotsetsereka pafupifupi kanayi kuposa malire aja. Wokwera amagwa chagada, wotsika amakathera mu ngalande. Kuyesa kwake nkosavuta: gonekani thabwa la masentimita 120 mutu wake umodzi utagunda rampu, liwongoleni ndi levulo, ndipo yezani mpata umene watsala pansi pa mutu winawo. Ukapitirira masentimita 10, rampuyo ndi yoopsa. Cholakwika china chofala ndi kusiya kamlomo ka masentimita angapo poyambira, kapena kuthera rampu mumchenga. Kuno kunyanja mateyala ang'onoang'ono akutsogolo amatitimira mumchenga nthawi yomweyo, choncho njira yolimba iyenera kupitirira mpaka kuchipata.

Pomaliza, pezani mtengo. Konkire yokhuthala masentimita 10 pa mamita 9.9 ndi m'lifupi mwa mamita 1.2 imadya matumba a simenti ngati 8, osawerengera makoma a m'mbali, njerwa, miyala, mchenga, zitsulo ndi malipiro a mmisiri. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho pemphani amisiri awiri kuti aliyense alembe mtengo wake ndi tsiku, ndipo mumatike mapepalawo kuchikalata. Khonsolo idzawerengera yokha motsata malamulo ake ogulira zinthu, koma makhansala akaona kuti nkhani ndi ya matumba owerengeka a simenti, mawu oti ndalama palibe amavuta kunena.

Kalembedwe ka chikalata

Chikalata chikwane tsamba limodzi kapena awiri. Miyeso, zithunzi ndi masiginecha zikhale zomatika kumbuyo. Chiyambe ndi tsiku, dzina la bungwe ndi keyala yake, ndi udindo wa wolandira. Kenako chinene kuti olemba ndani, chifotokoze zotchinga chimodzichimodzi, chitchule malamulo mwachidule, ndipo chithere pa zopempha. Gawo la zopempha la msika tauyerekeza uja likhoza kumveka chonchi:

"Tikupempha khonsolo, choyamba, kuti ivundikire ngalande ya pachipata chachikulu ndi silabu ya konkire yosachepera masentimita 150 m'lifupi pasanathe masiku 30. Chachiwiri, kuti pamodzi ndi komiti ya msika isunthe mabenchi a ndiwo zamasamba kuti mpata wodutsa ufike masentimita 120. Chachitatu, kuti iike mu bajeti ya chaka chikubwerachi rampu ya pashedi ya nsomba ndi kukonza khomo la chimbudzi, motsata miyeso ili pa tsamba lomatikali. Chachinayi, kuti anthu awiri a bungwe lathu aone pulani ntchito isanayambe, ndiponso ayese rampuyo kontirakitala asanalandire malipiro omaliza. Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 21."

Taonani mmene zopemphazi zasanjidwira. Ziwiri zoyamba nzotchipa, ndipo khonsolo ikhoza kuzichita ndi ndalama zokonzera zinthu za tsiku ndi tsiku. Chachitatu chikudikira bajeti. Chachinayi sichifuna ndalama, koma ndicho chimateteza ntchito yonse, chifukwa konkire ikauma molakwika kuigumula kumadya ndalama zina, ndipo m'mabuku a khonsolo mumakhala mutalembedwa kale kuti rampu inamangidwa. Masiku 30 ndi 21 aja ndi osankha bungwe lokha, si olamulidwa ndi lamulo. Ntchito yake ndi kupereka tsiku loti nkuwerengerapo ngati khonsolo yakhala chete.

Mawu akhale aulemu koma osapempha chifundo. Osalemba kuti mutiganizireko ife ovutika. Lembani kuti tikupempha khonsolo ikwaniritse udindo wake. Osatchula dzina la wogwira ntchito aliyense momunyoza kapena kumunamizira katangale popanda umboni, chifukwa zimenezo zimasandutsa nkhani ya rampu kukhala mlandu woipitsa mbiri.

Osaina alembe dzina, dera ndi siginecha, kapena adinde chala. Pamwamba pa tsamba lililonse la masiginecha palembedwe mwachidule zimene akusainira. Kwa osaona ndi osatha kuwerenga chikalata chiwerengedwe mokweza, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo osamva afotokozeredwe m'chinenero cha manja. Musasainire munthu amene palibe. Dzina limodzi labodza likagwidwa, onse ena amakayikiridwa. Siginecha ya wapampando wa komiti ya msika ndi yamtengo wapatali, chifukwa rampu ya mamita 10 idzasuntha mabenchi a anthu ena, ndipo ndi bwino eni mabenchiwo amve nkhaniyi kwa inu isanawafike ngati lamulo la khonsolo. Mafumu, mashehe ndi abusa akhozanso kulemba makalata ochirikiza. Bungwe la FEDOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ngati ambulera ya mabungwe a anthu aulumali, lilandire kope, pamodzi ndi MACODA ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma.

Kupereka, ndi nthawi yake

Pitani ndi makope awiri. Wolandira makalata adinde chidindo cha khonsolo pa kope lanu, alembepo tsiku ndi kusaina. Popanda chidindocho, pakatha miyezi itatu palibe chotsimikizira kuti chikalata chinafika. Ngati ofesi ya wolemberedwayo ili poti njinga siingafike, pemphani kuti atsike adzalandirire pansi, ndipo zimenezo zilembedwe m'mabuku a bungwe.

Anthu ochepa opita kukasiya kalata safunika chilolezo chilichonse. Koma ngati bungwe lakonza zoyenda mumsewu ndi zikwangwani, gawo 38 la malamulo aakulu limalola kutero mwamtendere ndi mopanda zida, ndipo Lamulo la Apolisi la 2010 limafuna kuti bwanamkubwa adziwitsidwe polemba maola osachepera 48 tsikulo lisanafike, apolisi atapatsidwa kope. Uku ndi kudziwitsa, si kupempha chilolezo.

Nthawi ndiyo imagwetsa ambiri. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi, ndipo makhonsolo amakonza bajeti miyezi ingapo Epulo asanafike. Chikalata chofika mu Meyi chimapeza ndalama zitagawidwa, ndipo chikhoza kudikira chaka chathunthu. Konzekani kuti chifike cha mu Okutobala kapena Novembala. Pa nthawi yomweyo nkhaniyi ilowenso kudzera m'makomiti a chitukuko, a m'wodi kwa a m'tauni, ndi a m'mudzi ndi a dera kwa a kunja kwa tauni, chifukwa ntchito zolowa mu pulani ya chitukuko zimachokera kumeneko. Funsani khansala tsiku limene komiti ya zomangamanga idzakumane. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu, kupatula pamene pali chifukwa chokambirana mwachinsinsi, choncho pitani mukakhale pansi ndi kumvetsera.

Mukamva kuti khonsolo ikufuna kumanga shedi yatsopano kapena kukonzanso msika, musadikire kuti maziko akumbidwe. Rampu yojambulidwa pa pulani imawonjezera zochepa pa mtengo wa nyumba, ndipo nthawi zina sifunikanso ngati khonde latsitsidwa ndi nthaka yozungulira yakwezedwa bwino.

Khonsolo ikakhala chete kapena ikakana

Masiku 21 aja akadutsa popanda yankho, lembani kalata yokumbutsa, mutamatika kope lodindidwa. M'kalatayo tchulani gawo 43 la malamulo aakulu, limene limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi ya boma chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Kukana kolembedwa ndi kothandiza kuposa lonjezo la pakamwa, chifukwa kukana kolembedwa mukhoza kupita nako kwina.

Yankho likakhala loti ndalama palibe, gwiritsani ntchito gawo 37 la malamulo aakulu ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lemberani ofisala wa khonsolo woona zopereka nkhani kuti akupatseni bajeti ya chaka chino, ndalama zimene msikawo unatolera chaka chatha, ndi zimene zinagwiritsidwa ntchito pokonza msikawo. Lamuloli limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Mukaika ndalama zotoleredwa pambali pa mtengo wa rampu, zokambirana zimasintha: funso limakhala loti nchifukwa chiyani rampu siinaikidwe patsogolo. Nzoona kuti makhonsolo ali ndi zosowa zambiri ndipo sangakonze misika yonse chaka chimodzi. Chimene bungwe liyenera kukana ndi kusowa kwa pulani. Khonsolo imene ikuti sitingathe chaka chino iuzidwe kuti ilembe chaka chimene idzathe, ndi msika umene idzayambire.

Zikakanika pamenepo, pali makomo atatu osalipiritsa. MACODA imalandira madandaulo okhudza Lamulo la Anthu Aulumali. Komishoni yoona za ufulu wa anthu, yokhazikitsidwa ndi gawo 129 la malamulo aakulu, imafufuza za kuphwanyidwa kwa ufulu, ndipo ndiyonso imayang'anira lamulo lopezera nkhani lija. Ofesi ya Ombudsman imafufuza maofesi a boma amene achita mopanda chilungamo, kuphatikizapo kuchedwetsa zinthu popanda chifukwa. Kulikonse kumene mupite, nyamulani fayilo yonse: chikalata chodindidwa, kalata yokumbutsa, mayankho, miyeso ndi zithunzi.

Khomo lomaliza ndi Khothi Lalikulu. Gawo 15 la malamulo aakulu limalola munthu kapena gulu lokhudzidwa mokwanira kupempha khothi kuti liteteze ufulu, choncho bungwe likhoza kusuma. Pempho loti khothi liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma limayenera kuperekedwa msanga, pasanathe miyezi itatu chigamulocho chitapangidwa. Mukalandira kalata yokana, onanani ndi loya kapena ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu sabata yomweyo.

Kuti njira imeneyi imatha kugwira ntchito tikuonera kwa anansi athu a ku Zambia. Mu 2011, Sela Brotherton, m'malo mwa chitaganya cha mabungwe a anthu aulumali cha ZAFOD, anasumira bungwe loyendetsa zisankho la dzikolo ku Khothi Lalikulu ku Lusaka. Chitaganyacho chinali chitayendera malo oponyera voti nkulemba zotchinga zimene chinapeza, monga masitepe ndi makomo opapatiza. Khothi linagamula kuti bungwe la zisankho linasala anthu aulumali, ndipo linalamula kuti likonze zinthu, kuphatikizapo kuika marampu, pa zisankho za m'tsogolo. Koma linakana kuimitsa chisankho cha Seputembala chaka chimenecho, chomwe chinali chitayandikira kwambiri. Umboni woyendera malo ndiwo unapambanitsa mlanduwo, ndipo kuyandikira kwa tsiku ndiko kunachititsa kuti phindu lake lidikire chisankho china. Malamulo a Zambia si a Malawi, koma maphunziro awiriwa akugwira ntchito pa msika wa ku Mangochi chimodzimodzi.

Rampu ikamangidwa

Tsiku loyesa, amene adzaigwiritse ntchito ndiwo akwere ndi kutsika okha, popanda wowakankha, mkulu wa zomangamanga akuona. Zolakwika zilembedwe pomwepo, kontirakitala asanachoke. Bungwe lisamange rampu palokha pa malo a khonsolo popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale litapeza wothandiza ndi ndalama. Khonsolo ivomereze pulani, kuti idzakhale ndi udindo wokonza ikadzang'ambika.

Udindo wotsala ndi wa tonse ogwiritsa ntchito msika. Malo afulati apakati aja amakopa wogulitsa mandasi, zitsulo zogwirira zimakopa woyanika zovala za kaunjika, ndipo poyambira rampu pamakopa akabaza. Rampu yotsekedwa ndi katundu siisiyana ndi masitepe. Pemphani khonsolo ndi komiti ya msika kuti aike lamulo loletsa kugulitsira kapena kuimika njinga pamenepo, ndipo mkulu wa msika adziwe kuti kulondoloza lamulolo ndi ntchito yake. Nyengo ya mvula ikatha, bungwe liyenderenso malowo, lione ngati madzi sanakokolole dothi poyambira rampu nkusiyapo sitepe yatsopano.

Ngati muli m'bungwe la anthu aulumali ku Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Namwera, yambani ndi msika umodzi ndi zotchinga zake zowerengeka. Bwerekani tepi, yang'anani dzina la khonsolo pa tikiti ya msika, ndipo chikalata chanu chikhale chitadindidwa makhansala asanakhale pansi kukambirana bajeti ya chaka chamawa.